Kalata ya rigireti yosasiya munthu m'malere

M'munsi mwa zilengezo zambiri za ntchito zomwe zimatuluka mu The Nation ndi The Daily Times mumakhala chiganizo chimene aliyense wosaka ntchito anachiloweza pamtima: okhawo amene asankhidwa kukayesedwa ndi amene adzadziwitsidwe. Munthu amajambulitsa masatifiketi, kugula envulopu kapena bandulo ya intaneti, kutumiza, kenako kuli zii. Pakatha miyezi iwiri amadziwa yekha kuti zakanika. Kukhala chete kotereku kumapweteka, koma sikumunamiza munthu.

Zinthu zimasintha munthu akaitanidwa ku intavyu. Uyu wabwereka jekete, wakongola ndalama ya basi, wakhala pamaso pa mabwana atatu n'kuyankha mafunso mpaka thukuta kamukamu. Kunyumba onse akudziwa kuti anapita, mwinanso kumpingo anamupempherera. Ameneyu ayenera kuyankhidwa, ndipo yankho likakhala lokana limabwera m'kalata imene anthu amangoitcha rigireti.

Okanidwa ndi ochuluka kuposa olembedwa, ndipo m'dziko muno kusiyanako ndi kwakukulu. Mu Juni 2020 Unduna wa Zaumoyo utaitana ofuna ntchito ya alangizi a zaumoyo kuti angofika okha kumalo oyesera, anthu miyandamiyanda anakhamukirako, ndipo ku Mzuzu, pa sekondale ya Katoto, anapondana mpaka ambiri kuvulala. Ofesi ikamalemba munthu mmodzi ntchito imakhala ikukana ena ambirimbiri. Komabe kalata yolemba munthu ntchito imawerengedwa ndi mabwana angapo isanatuluke, pamene ya rigireti kawirikawiri imalembedwa mothamanga madzulo a Lachisanu, ndi munthu amene akumva chisoni ndipo akufuna kuti chisonicho chimuchoke msanga.

Nkhani yotsatirayi ndi chitsanzo chongoyerekeza, chopanda mayina, koma amene anagwirapo ntchito mu ofesi yolemba anthu achizindikira. Makalata ambiri a mtunduwu amalembedwa m'Chingerezi. Pano alembedwa m'Chichewa chifukwa zolakwika zake n'zomwezo, komanso chifukwa foni yotsatira kalatayo, ndi mauthenga opita kwa alonda, madalaivala ndi ogwira ntchito m'midzi, zimakhala m'Chichewa.

Bungwe lina ku Lilongwe linkafuna wothandiza akauntanti. Anthu asanu anaitanidwa pa 4 Malichi, ndipo oyesa atatu ankalemba malikisi papepala la aliyense. Amene anakhala wachiwiri anali mayi wina wa ku Mzuzu, wa dipuloma ya ICAM, amene anagwirapo zaka zitatu pa SACCO ina. Anayenda makilomita pafupifupi 350 pa basi ya usiku, n'kukasamba kwa mlamu wake ku Area 25 asanapite ku mayeso. Oyesa onse anamukonda. Woyamba anamuposa pa chinthu chimodzi chokha: anali atazolowera kulemba malipoti a ndalama opita kwa mabungwe opereka thandizo, ndipo chilengezo chinanena kuti imeneyi ndi mbali yaikulu ya ntchitoyo.

Mkulu woona za ogwira ntchito, munthu wa mtima wabwino, analemba motere:

"Okondedwa Mayi Uje, tikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Choyamba tithokoze kwambiri chifukwa chobwera ku mayeso athu. Kunena zoona munatisangalatsa, ndipo tonse tinaona kuti ndinu munthu woyenera bungwe lathu. Pepani kwambiri kuti pakadali pano simunasankhidwe kaamba ka zifukwa zina zomwe sitikanachitira mwina. Komabe musataye mtima, nkhani yanu tikuiganizirabe ndipo mapepala anu tawasunga. Mpata ukangopezeka mumva kwa ife. Mulungu ali nanu cholinga."

Mayiyo anawerenga kalatayo kangapo n'kuuza mwamuna wake kuti zikuoneka kuti zatsala pang'ono. Patapita masabata atatu, holoselo ina ya ku Mzuzu inamuitana kuti akasunge mabuku a ndalama, pa malipiro ocheperapo. Iye anapempha kuti amudikire mwezi umodzi. Eni holoselo anatenga wina. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma mayiyu sanali wopusa. Anali ndi kalata m'manja, ya chidindo cha bungwe, yonena kuti nkhani yake ikuganiziridwabe. Lolemba lililonse ankaimba foni ku Lilongwe kufunsa ngati pali chatsopano, mpaka mkulu uja anayamba kuisiya foniyo ingolira.

Palibe chiganizo m'kalatayo chimene wolemba ankachiona ngati bodza. Vuto lagona pa timawu ting'onoting'ono, ndipo ena mwa iwo ndi a m'chiyankhulo chathu chenicheni.

Oyamba ndi mawu akuti "simunasankhidwe". Pakamwa, Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo awiri a mawu ngati amenewa pogwiritsa ntchito kukwera ndi kutsika kwa liwu. "Sanabwere" ikhoza kutanthauza kuti munthuyo analephera kubwera, nkhani n'kuthera pomwepo, kapena kuti sanafikebe koma ali m'njira. Khutu limamva kusiyanako. Pepala silionetsa, chifukwa kalembedwe kathu ka tsiku ndi tsiku sikaika zizindikiro za kamvekedwe. Ndiye munthu amene mtima wake ukufunitsitsa ntchito, akaona "simunasankhidwe", amawerenga ndi liwu la "simunasankhidwebe". Wolemba uja anawonjezanso "pakadali pano" patsogolo pake, ndipo potero anasankhira yekha wowerengayo tanthauzo lolakwikalo.

Kenako pali ka "-be" ka mu "tikuiganizirabe". Zilembo ziwiri zokha, koma zikunena kuti msonkhano sunathe. Pamene kalatayo inkalembedwa, munthu wina anali atasaina kale kontilakiti ndipo ankayembekezeka kuyamba ntchito pa 1 Epulo. Panalibe chimene chinkaganiziridwa. "Mumva kwa ife" ndi lonjezo lopanda tsiku, ndipo lonjezo lopanda tsiku silitha mphamvu. Munthu akhoza kulisunga chaka chathunthu.

Mawu oyamikira aja anawonjezera chisokonezo. Ngati onse anaona kuti mayiyu ndi woyenera bungwelo, nanga wakanidwa bwanji? Kalatayo ikuyankha kuti pali "zifukwa zina zomwe sitikanachitira mwina". M'dziko limene anthu ambiri amakhulupirira kuti ntchito imapezeka ndi wakwanu, chiganizo chotere chimamveka ngati kunong'oneza kuti panalowa dzanja la munthu wamkulu. Bungwe limene linasankha mwachilungamo, pogwiritsa ntchito malikisi, linadzipaka lokha matope pofuna kuoneka lachifundo.

N'zomveka kuti mkuluyo analemba chonchi. Tinaleredwa kuti kukana kwa mtu wa galu ndi mwano. Wobwereka ndalama amauzidwa kuti "tiona", wopempha malo amauzidwa kuti "tamva, tikuyankhani". Pamudzi mawu amenewa amagwira ntchito chifukwa onse awiri akuonana nkhope, ndipo wopemphayo amamva kuchokera ku kamvekedwe ndi kuyang'ana kumbali kuti yankho ndi ayi. Kalata ilibe nkhope. Imafika pa foni ya munthu amene ali yekha, makilomita mazana kutali, ndipo iye amatenga liwu lililonse monga lalembedwera.

Bwana wamkulu wa bungwelo atamva za mafoni a Lolemba aja, anati vuto ndi kulankhula zambiri, ndipo anapereka kalata yake: "Okondedwa Bambo/Mayi, tikukudziwitsani kuti pempho lanu la ntchito silinatheke. Musatiimbire kapena kutilembera pa nkhaniyi." Iyi ndi yomveka, koma ikulakwira munthu m'njira ina. Amene anakhala nawo m'chipinda ola lathunthu sakudziwanso ngati ndi bambo kapena mayi. Ntchito yake sinatchulidwe, chonsecho munthu wosaka ntchito amakhala atafunsira malo khumi nthawi imodzi. Ndipo chiganizo chomalizacho chikumudzudzula pa mlandu umene sanapalamule.

Makalata awiriwa akulakwitsa pa chifukwa chimodzi. Onse akuganiza kuti ulemu ndi kumveka bwino zimalimbirana malo amodzi, kotero kuti ukawonjeza china uyenera kuchepetsa chinzake. Koma chilichonse chili ndi malo ake m'kalata. Chiganizo chonena ganizo chiyenera kukhala chouma, chopanda "kaye", "mwina", "-ko" kapena "-be". Ulemu umaonekera kwina konse: kutchula dzina molondola, kukumbukira kumene munthuyo anachokera, kumuuza zoona, kumubwezera ndalama yake ya ulendo, ndi kumuyankha msanga.

Mkulu uja anakhala pansi n'kuilembanso kalata ya mayi wa ku Mzuzu monga inayenera kukhalira tsiku loyamba, kuti ikhale chitsanzo cha ofesiyo. Pamutu analemba kuti "Zotsatira za mayeso a ntchito ya wothandiza akauntanti", ndipo m'munsi mwake munali izi:

"Okondedwa Mayi Uje,

Zikomo chifukwa chobwera kuchokera ku Mzuzu kudzayesedwa pa 4 Malichi. Tikukudziwitsani kuti ntchitoyi taipereka kwa munthu wina, ndipo iye waivomera. Ganizo limeneli ndi lomaliza, ndipo kusankha anthu pa ntchitoyi kwatha.

Tikudziwa kuti uwu si uthenga umene mumayembekezera. Pa mayeso oyanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya kubanki munachita bwino kwambiri. Amene tamusankha wagwira nthawi yaitali ntchito yolemba malipoti a ndalama opita kwa opereka thandizo, yomwe chilengezo chathu chinaitchula ngati mbali yaikulu ya udindowu.

Ndalama ya ulendo wanu titumiza pa nambala munatipatsa ija pofika pa 21 Malichi. Mapepala anu tiwasunga miyezi itatu monga mwa ndondomeko ya ofesi yathu, kenako tidzawawononga. Ntchito zathu zonse timazilengeza poyera, ndipo ikadzatuluka ina imene mwaikonda, ndinu omasuka kufunsira mwatsopano. Dziwaninso kuti bungwe lino silipempha ndalama kwa ofuna ntchito.

Tikukufunirani zabwino zonse pa ntchito yanu ya zowerengera.

Ine wanu,
Uje, mkulu woona za ogwira ntchito"

Choyamba kuona ndi malo amene ganizo laikidwa. M'kalata yakale linali m'chiganizo chachinayi, litakwiriridwa pansi pa moni ndi matamando. M'yatsopanoyi lili m'chiganizo chachiwiri. Anthu ambiri amawerenga imelo pa foni, pamene pamaoneka mizere yochepa munthu asanatsegule bwinobwino. Mizere yoyambayo ikakhala yoti "munatisangalatsa", mtima umadumpha, ndipo kugwa kwake kumakhala kwa patali. Kufikitsa munthu pa yankho msanga ndi chifundo chenicheni, chofanana ndi cha namwino amene sachedwa ndi jakisoni m'manja kwinaku akufotokoza za ululu.

Chachiwiri, kalatayi sikudalira mneni wokana. Mmalo mwa "simunasankhidwe" ikunena chimene chachitika: taipereka, waivomera, kwatha. Aneni atatuwa ngonena zinthu zochitika kale, ndipo palibe kamvekedwe ka liwu kamene kangawatembenuze. Komanso ali ndi mwini wake. "Taipereka" akuonetsa kuti bungwe likuvomera kuti ndilo lasankha. Mawu ngati "zaganiziridwa kuti" kapena "sizinatheke" amabisa wosankhayo, ndipo wowerenga amayamba kuganiza kuti mwina pali wina pamwamba amene angadandaulidwe n'kusintha zinthu.

Mawu akuti "pepani kwambiri" achoka. Pena anthu amadabwa nazo, poti pepani ndi mawu athu a tsiku ndi tsiku, otonthozera ngakhale munthu amene wapunthwa yekha. Koma m'kalata ya ofesi, kupepesa kobwerezabwereza kumamveka ngati kuvomera kuti panalakwika china, ndipo cholakwika chimayenera kukonzedwa. Bungwe silinalakwe posankha munthu woposa. Chiganizo choti "tikudziwa kuti uwu si uthenga umene mumayembekezera" chikugwira ntchito ya pepani wotonthoza uja popanda kutsegula mlandu. Zoti "musataye mtima" ndi zoti Mulungu ali ndi cholinga zachokanso. Mawu amenewa ndi abwino akachokera kwa mayi ake a munthu kapena abusa ake. Akachokera kwa amene wangomukana kumene, amawawa, chifukwa wokanayo akudzipatsanso udindo womuuza mmene ayenera kumvera.

Mbali yovuta kwambiri ndi ya chifukwa. Maofesi ena sapereka chifukwa chilichonse, poopa mikangano, ndipo kwa anthu mazana amene sanafike n'komwe ku intavyu zimenezi n'zomveka. Kwa munthu amene anayesedwa, chifukwa chimodzi choona chimathandiza, bola chikwaniritse zinthu ziwiri: chichokere pa zomwe chilengezo chinafuna, ndipo chipezeke pa mapepala a malikisi a oyesa. Wolemba kalata asapeke chifukwa chofewa pofuna kusangalatsa. Akalemba kuti "munapereweza pa kompyuta" pamene pepala la malikisi likuonetsa kuti pa kompyuta munthuyo anakhoza, tsiku lina mapepala awiriwo akhoza kudzaikidwa pa tebulo limodzi.

Kalembedwe ka chifukwacho nakonso n'kofunika. Kalata yatsopano ikunena chimene wosankhidwayo ali nacho, osati chimene mayiyu alibe. Ikanati "mukanakhala kuti munalembapo malipoti a opereka thandizo tikanakutengani", ikanaitana yankho: mayiyo akanakumbukira kuti pa SACCO paja anathandizapo kamodzi pa lipoti lotere, n'kutumiza umboni, n'kupempha kuti aganizirenso. Chiganizo chilichonse choyamba ndi "mukanakhala" ndi khomo lotsekedwa mosakhoma.

Pali zifukwa zina zimene siziyenera kupezeka m'kalata chifukwa siziyenera kupezeka ngakhale m'chipinda chosankhira. Ndime 5 ya lamulo la ntchito la chaka cha 2000, Employment Act, imaletsa kusala wogwira ntchito ngakhalenso wofunsira ntchito chifukwa cha mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chiyankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, ulumali, kukhala pabanja kapena ayi, ndi udindo wosamalira banja. Lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limaletsanso kukakamiza munthu kuyezetsa magazi kuti alembedwe ntchito. Chodabwitsa n'chakuti mawu osala kawirikawiri amalowa m'kalata atavala chifundo. Wolemba amati "poona kuti muli ndi mwana wamng'ono, tinaganiza kuti maulendo a ntchitoyi akuvutani", kapena "sitinafune kukulekanitsani ndi banja lanu ku Mzuzu". Iye akuona ngati akuonetsa kuganizira mnzake. Koma walemba ndi dzanja lake, pa pepala la chidindo, kuti munthu wakanidwa chifukwa cha udindo wa pabanja. Ngati chimenecho chinalidi chifukwa, chofunika kukonza ndi kasankhidwe, osati kalata.

Maofesi a boma ali ndi udindo woposerapo. Ndime 43 ya malamulo aakulu a dziko lino a 1994 imapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa molemba pamene ganizo la ofesi ya boma lakhudza ufulu wake kapena chiyembekezo chimene anali nacho moyenera. Ofesi imene imalemba kuti "tikuiganizirabe" ikudzala yokha chiyembekezo mumtima mwa munthu.

Nanga za mapepala? "Tawasunga" ndi mawu amene pafupifupi rigireti iliyonse imakhala nawo, ndipo m'maofesi ambiri tanthauzo lake ndi katoni ya pansi pa tebulo imene palibe adzaitsegule. Wofunsira ntchito amamva zina: kuti dzina lake lili pa mndandanda, ndipo safunikanso kufunsira ntchito ina ikatuluka. Motero akhoza kuphonya mwayi weniweni pa bungwe lomwelo. Kalata yatsopano ikunena nthawi imene mapepala akhale, chimene chidzawachitikire, ndi kuti ntchito ina idzafuna kufunsira mwatsopano. Sivi ya munthu imakhala ndi tsiku lobadwa, nambala za foni zake ndi za omuchitira umboni, nthawi zina ndi kope ya chitupa cha unzika. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act, limene MACRA imayang'anira, ndipo mfundo yake ndi yoti mbiri ya munthu isasungidwe kupitirira nthawi imene ikufunikira. Ofesi imene ikufunadi kusunga sivi ya wina kuti idzamuitane iyenera kumupempha chilolezo ndi kutchula miyezi yake.

Chiganizo chonena kuti bungwe silipempha ndalama chikuoneka ngati chosafunika mpaka munthu atakumbukira mmene akuba amagwirira ntchito. Amaimbira wosaka ntchito, kudzitcha a ku ofesi yolemba anthu, n'kunena kuti dzina lake likhoza kubwezeretsedwa ngati atatumiza kenakake pa Airtel Money kapena Mpamba. Munthu amene ali ndi kalata yoti "nkhani yanu tikuiganizirabe" ndi nyama yofewa kwa anthu otere, chifukwa foniyo ikugwirizana ndi zimene wakhala akudikira. Amene anauzidwa kuti ntchito inaperekedwa ndipo kusankha kunatha amadziwa pomwepo kuti woimbayo ndi wabodza.

Komatu pali chifukwa chenicheni chimene maofesi amalembera makalata ozungulira, ndipo sichiyenera kunyozedwa. Wosankhidwa woyamba akhoza kukana malipiro, kapena omuchitira umboni akhoza kunena zosayembekezeka. Zikatero ofesi imafuna wachiwiri uja akhale akadalipo. Ndiye imalemba kalata yokana koma yosakana, kuti imugwire mwendo. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pano wovumbwa ndi wofunsira ntchito, osati ofesi.

Njira yake ndi kulemba makalata awiri osiyana, iliyonse pa nthawi yake. Amene ali pa nambala yachitatu mpaka yachisanu, amene ofesi ikudziwa kuti siwatenga zivute zitani, alandire rigireti m'masiku ochepa mayeso atatha. Wachiwiri alandire uthenga wina wonena zoona: "Ntchitoyi tayamba taipereka kwa munthu wina ndipo tikudikira yankho lake. Inu ndinu wotsatira. Pofika pa 14 Malichi tikuuzani ganizo lomaliza. Ngati mwapeza mwayi wina tsikuli lisanafike, musausiye chifukwa cha ife." Tsikulo likafika, yankho lipite, ngakhale litakhala loti adikire sabata ina mpaka tsiku lakuti. Woyamba akasaina, rigireti ya wachiwiri ituluke tsiku lomwelo kapena mawa lake. Munthu asamve kwa mnzake, kapena kuona pa Facebook chithunzi cha wolembedwa watsopano, kalata yake isanafike.

Pa katumizidwe pali msampha umodzi wofunika kuutchula. Wolemba wotopa amaika maadiresi a okanidwa onse pa `To` kapena `Cc` n'kutumiza kamodzi, ndipo aliyense amaona mayina a anzake. Ena mwa iwo ali pa ntchito kwina ndipo anafunsira mwachinsinsi. Kwa anthu ambiri amene sanaitanidwe ku mayeso, `Bcc` imabisa maadiresiwo. Kwa asanu amene anayesedwa, aliyense alandire yakeyake, ya dzina lake. Ndipo ngati wokanidwayo ndi wa m'bungwe momwemo, amene mawa adzakhala pa desiki yoyandikana ndi wopambanayo, ayambe wauzidwa pamaso, kalata itsatire pambuyo.

Kalata isanatumizidwe ikhoza kuyesedwa mosavuta. Wolemba aipereke, atabisa dzina, kwa munthu amene sanali nawo pa mayeso, kaya ndi wa pa risepishoni kapena dalaivala, aiwerenge kamodzi kokha n'kuibweza. Kenako amufunse kuti, kodi ntchitoyi ikadalipo? Ngati yankho likuyamba ndi "zikuoneka ngati", kalatayo sinapse. Funso lachiwiri ndi loti, ukanakhala iwe, mawa ukanachita chiyani? Yankho loyenera ndi loti ndikanapitiriza kusaka kwina. Akati ndikanaimba kuti ndimve bwino, ndiye kuti penapake patsala "-be" wobisala. Lachitatu wolemba adzifunse yekha: atakumana ndi munthuyu pa maliro kapena mu minibasi, angathe kumupatsa moni osayang'ana pansi? Funso ili ndi limene limagwira kalata youma ngati ya bwana wamkulu ija.

Ngakhale kalata yabwino imayankhidwa nthawi zina. Wina amalemba kuti ali wokonzeka kulandira malipiro ochepa, kapena kugwira mongodzipereka miyezi itatu kuti aonetse luso. Apa m'pamene ambiri amagonja n'kubwerera ku "tiona". Yankho loyenera ndi lalifupi ndipo silibweretsa chifukwa chatsopano: kuthokoza, kubwereza kuti ntchitoyo inaperekedwa ndipo ganizo silisintha, ndi kutchula kumene bungwe limalengezera ntchito. Chifukwa chatsopano chilichonse chimapatsa munthu poyambira mtsutso wina, komanso chimaonetsa ngati choyamba chija sichinali chenicheni.

Kwa mayi wa ku Mzuzu, kalata yokonzedwayo sikanatumizidwa monga inalili, ngati kuti yoyamba ija kunalibe. Mkulu uja anayenera kuyamba waimba foni imene wakhala akuithawa. Atapereka moni ananena mosabisa Chichewa kuti ntchito ija inaperekedwa kwa munthu wina m'mwezi wa Malichi, kuti munthuyo anayamba kale, ndipo palibe mpata wina umene ukuyembekezeka. Kenako anati, "Mayi, kalata imene ndinakulemberani inakupatsani chiyembekezo chimene panalibe. Kulakwa kumeneko ndi kwanga, pepani." Apa pepani anali pamalo pake, chifukwa panalidi cholakwa ndipo mwini wake anali yemwe akulankhulayo. Mayiyo anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa za ndalama yake ya basi, imene m'chipwirikiti chonsechi inali isanatumizidwe. Inapita masana omwewo, ndipo kalata yotsimikiza zimene zinanenedwa pa foni inatsatira ofesi isanatseke.